Imelo yotsazika ya akauntanti: yaifupi, yaulemu, yopanda dandaulo

Mu faelo ya munthu aliyense wolembedwa ntchito muli makalata awiri amene amakhalitsa kuposa ena onse: imene anafunsira ntchito ndi imene anatsazikira. Yoyambayo timaivutikira. Timailemba kangapo, timapatsa mnzathu kuti aione, timachotsa mawu ena n'kuikapo ena. Yachiwiriyo ambiri amangoilemba mothamanga, mtima uli kale ku ntchito yatsopano, kapena uli wodzaza ndi zimene akhala akusunga kukhosi zaka zonsezi. Komatu ndi yachiwiriyi imene imadzatsegulidwa patapita zaka zitatu, tsiku limene kampani ina yaimba foni kufunsa kuti, "Kodi munthu ameneyu anachoka bwanji kumeneko?"

Kwa akauntanti funso limeneli limalemera kwambiri. Wogulitsa katundu akachoka, amasiya galimoto ndi mndandanda wa makasitomala. Wowerengera ndalama akachoka, amasiya makiyi a sefa, mabuku a macheke, dzina lake ku banki ngati mmodzi wa osainira ndalama, mapasiwedi olowera m'mabuku a kampani, ndiponso mutu wodzaza ndi zinthu zimene wina aliyense mu ofesimo sazidziwa: amene ali ndi ngongole, amene amalandira zingati, invoisi imene inalipidwa kawiri mwangozi chaka chatha. Ndiye kuti imelo yake yosiya ntchito anthu amaiwerenga ndi maso awiri. Diso limodzi likuona mnzawo amene akupita. Linalo likufunsa ngati mabuku akuwasiya ali bwino.

Onjezani apo kuti anthu a ntchito imeneyi m'Malawi muno amadziwana. Ambiri ndi mamembala a bungwe lawo la ICAM, amakumana ku maphunziro ndi ku msonkhano wawo wapachaka wa kunyanja ku Mangochi. Odita amene akuunika mabuku a kampani yanu yakale akhoza kukhala yemweyo amene adzaunike mabuku a kampani yatsopano. Bwana amene mukumusiya ku Blantyre lero mukhoza kudzamupeza atakhala m'bodi ya kumene mwapita ku Lilongwe. Akuluakulu ananena kale kuti ukamachoka usamatseke ndi mwala koma ndi mayani, ndipo ntchito ya akauntanti ndi imodzi mwa zimene mwambiwu umagwira popanda kuukoka.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, kuti tione zinthu pafupi. Mayi wina wagwira zaka zisanu ndi chimodzi ngati akauntanti pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Blantyre. Amalandira K1,100,000 pa mwezi msonkho usanadulidwe, ndipo amagwira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Tsopano bungwe lina ku Lilongwe lamupatsa udindo wa mkulu wa zachuma, malipiro apamwamba, ndipo akufuna ayambe pa 1 Novembala. Zodandaula ali nazo, ndipo si zabodza. Malipiro ake sanakwere kwa zaka ziwiri. Anamulonjeza wothandizana naye, koma sanabwere. Mwezi uliwonse ukamatha amaweruka usiku, magetsi a m'maofesi ena onse atazimitsidwa kale. Udindo umene ankauyembekezera unapatsidwa kwa munthu wochokera kunja kwa kampani. Zonsezi zikumuyabwa m'manja pamene akutsegula kompyuta.

Zoyenera kuchitika imelo isanalembedwe

Choyamba, asalembe kalikonse asanagwire m'manja kalata yosainidwa ya ntchito yatsopanoyo. Foni yoti "mwapambana, zikomo" si kalata. Bodi ikhoza kusintha maganizo, ndalama za pulojekiti zikhoza kuchedwa, ndipo munthu amene wasiya kale ntchito sangakakamize abwana ake akale kumulandiranso. Kalata ikhale ndi udindo, malipiro ndi tsiku loyambira, ndipo ngati yanena kuti adikira kaye umboni wa kumene akuchokera, adziwe kuti amene akapereke umboniwo ndi anthu omwewa amene akufuna kuwalembera imelo.

Chachiwiri ndi kontirakiti. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, m'gawo 29, limati munthu wolembedwa ntchito yokhazikika amene amalipidwa pa mwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo ikhale yolembedwa. Umenewo ndi muyezo wotsikitsitsa. Makontirakiti ambiri a anthu a zachuma, makamaka a maudindo akuluakulu, amanena miyezi itatu, ndipo zikatero chimene munasainira ndicho chimagwira ntchito. Gawo 30 limalola kuti m'malo mwa notisi munthu alipire ndalama yofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo. Kwa mayi wathuyu, amene kontirakiti yake ikunena mwezi umodzi, kuchoka lero lomwe kungamudyere K1,100,000. Ikanakhala ya miyezi itatu, ikanakhala K3,300,000. Ndi zomvetsa chisoni kuti munthu amene amawerengera anzake ndalama tsiku ndi tsiku amatha kuiwala kuwerenga yake yomwe.

Popeza ayamba pa 1 Novembala, tsiku lake lomaliza likhala 31 Okotobala, ndipo imelo ipite pa 30 Sepitembala kapena tsikuli lisanafike. Kutumiza pa 3 Okotobala n'kumati notisi yakwana ndi kudziputira mkangano wa masiku angapo, umene ukhoza kudzaonekera pa silipi yomaliza ya malipiro.

Chachitatu, ndipo kwa ine ndicho chachikulu: abwana asamve nkhaniyi koyamba pa imelo. Kwathu kuno munthu sasamuka pamudzi pongosiya kapepala pakhomo la mfumu. Mayiyu agogode pa ofesi ya mkulu amene amamuyang'anira, apemphe mphindi khumi, anene pamaso kuti wapeza mwayi kwina ndipo waganiza zopita. Imelo ibwere pambuyo, tsiku lomwelo, kudzangotsimikiza zimene zakambidwa kale. Abwana amene amva kwa mlonda wa pageti kapena kwa wokonza tiyi kuti akauntanti wawo akupita sangasangalale ndi imelo iliyonse, ngakhale itakomedwa bwanji.

Imelo yeniyeniyo

M'maofesi ambiri imelo zotere zimalembedwa m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewa m'chilankhulo chilichonse. Pa mzere wa Subject alembe zomveka, monga "Kusiya ntchito: tsiku lomaliza 31 Okotobala", osati "Moni" kapena "Nkhani yofunika". Ipite kwa bwana amene wakamba nayeyo, ndipo pa Cc aikepo ofesi yoona za ogwira ntchito, basi. Mkati mwake mukhale motere:

Wokondedwa Bwana,

Potsatira zimene takambirana m'mawa uno, ndikulemba kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya akauntanti pa kampani ino. Malinga ndi kontirakiti yanga, ndikupereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo tsiku langa lomaliza lidzakhala 31 Okotobala.

Ndapatsidwa udindo wina umene ukundipititsa patsogolo pa ntchito yanga, ndipo nditaganizira mofatsa ndaona kuti ndiulandire.

Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndagwira nanu. Munandilola kupita kukalemba mayeso anga omaliza pa nthawi imene ntchito inali yambiri, ndipo munandidalira kutsogolera ntchito yosamutsa mabuku athu kupita mu pulogalamu yatsopano. Zimene ndinaphunzira pamenepo ndi zimene zandifikitsa pano.

Ndisanachoke ndimaliza kutseka mabuku a Sepitembala, kuyanjanitsa mabuku athu ndi a ku banki, ndi kutumiza misonkho ya mweziwo ku MRA. Ndikonzanso ndondomeko yolembedwa ya ntchito zonse zimene ndikusiya pofika pa 20 Okotobala, kuti amene adzatenge malo anga akhale ndi masiku ofunsa ndidakalipo. Chonde ndiuzeni amene mukufuna kuti ndimusiyire makiyi ndi mabuku.

Ndikufunira inu ndi anzanga onse zabwino.

Ine wanu,

ndipo dzina ndi udindo pansi pake.

Imelo yonseyi munthu akhoza kuiwerenga ketulo isanawire. Taonani m'mene yayambira. Chiganizo choyamba chanena kale kuti akusiya ntchito, ndipo chachiwiri chapereka tsiku. Ulemu wathu umatikoka kuti tizungulire kaye, tifunse za moyo, tipepese, kenako tifike pa nkhani. Kuzungulirako kunachitika kale mu ofesi m'mawa. Pa imelo, mawu ngati "ndikuganiza zosiya" kapena "mwina ndichoka kumapeto kwa mwezi wamawa" ndi oopsa, chifukwa ofesi yoona za ogwira ntchito singawerengere notisi pa "mwina". Tsiku lilembedwe lenileni, lokhala ndi nambala ndi dzina la mwezi.

Chifukwa chochokera chatenga chiganizo chimodzi chokha, ndipo dzina la kumene akupita mulibemo. Lamulo silimukakamiza kunena kumene akupita, ngakhale kunena chifukwa chochokera. Ena amatchula, makamaka ngati aliyense adzadziwa ndithu pakutha kwa sabata, ndipo palibe cholakwika. Chimene sichiyenera kulowamo ndi malipiro atsopano. Mawu oti "kumene ndikupita andipatsa kawiri zimene ndimalandira kuno" ndi dandaulo lovala suti. Aliyense wowerenga amva kuti akunenedwa kuti ndi woumira.

Pa kuthokoza ndi pamene imelo zambiri zimazizira. Anthu amalemba kuti "zikomo chifukwa cha zonse" kapena "ndaphunzira zambiri", mawu amene angalembedwe ndi munthu aliyense kwa bwana aliyense. Mayi wathuyu watchula zinthu ziwiri zenizeni: tchuthi cha mayeso ndi ntchito ya pulogalamu yatsopano. Abwana akawerenga akumbukira tsiku limene anasaina tchuthicho, ndipo adziwa kuti munthuyu sanangokopera imelo ya wina. Kufunda kwa imelo kumachokera pamenepo, osati pa kuchuluka kwa mawu otamanda. Ndipo zinthu ziwirizi ndi zoona. Sanalembe kuti kampaniyi ndi yabwino koposa m'dziko muno, kapena kuti ankasangalala tsiku lililonse, chifukwa sizinali choncho, ndipo abwana akudziwa kuti sizinali choncho. Wasankha zoona zimene angathokoze nazo, zinazo wazisiya. Munthu amene wagwira malo zaka zisanu ndi chimodzi sangasowe chinthu chimodzi chabwino choti atchule. Akachisowadi, athokoze mwachidule chifukwa cha mwayi wa ntchito, n'kulekera pomwepo.

Nanga madandaulo aja apite kuti?

Pali amene anganene kuti kuchita zimenezi ndi chinyengo, kapena mantha. Munthu wazunzika zaka ziwiri popanda kukwezedwa malipiro, ndiye achoke akumwetulira? Funsoli ndi lomveka, koma tiyeni tifunse chimene dandaulo lingapindule likalowa mu imelo imeneyi. Malipiro a zaka ziwiri zapitazo sabwera. Wothandizana naye uja, ngati angalembedwe, adzathandiza wina. Nthawi imene madandaulowa akanasintha kanthu inali pamene mayiyu anali adakali wokhala, ndipo mwina anawanena kale kangapo. Lero chimene angachite ndi kusandutsa mwezi wa notisi kukhala wowawa, pamene ndi mwezi umene akufunika kuti abwana amusainire mapepala ambiri.

Chinanso n'chakuti imelo siikhala kwa amene mwamutumizira. Ipita kwa mkulu wa kampani, kwa a malipiro, mwina kwa wapampando wa bodi. Aliyense wa iwowa awerenga popanda kumva liwu lanu kapena kuona nkhope yanu. Chiganizo chimene inu munachilemba ngati langizo labwino, monga "ndikukhulupirira kuti amene abwere adzapatsidwa thandizo lokwanira", wina achiwerenga ngati mwala woponyedwa kwa bwana wanu pamaso pa akuluakulu ake. Ndipo kwa akauntanti pali ngozi yapadera. Mawu ongodutsa ngati "sindinkagwirizana ndi m'mene zinthu zina zimayendera" akachokera kwa munthu wosunga mabuku a ndalama amamveka ngati akuloza za kuba. Odita akaipeza imeloyo m'faelo ayamba kufunsa kuti zinthu zake ziti, ndipo mukhala mwayatsa moto umene simunafune kuyatsa.

Madandaulo obisala ndi amene amavuta kuwagwira. Mukamaliza kulemba, fufuzani timawu monga "ngakhale", "komabe", "potsiriza" ndi "mwatsoka". "Ngakhale panali zovuta zina, ndikuthokoza" ndi dandaulo. "Potsiriza ndapeza malo amene adzaona luso langa" ndi dandaulo lalikulu. Njira yosavuta yoyesera ndi kudzifunsa ngati mungathe kuiwerenga imeloyo mokweza, bwana wanu ndi bwana wake atakhala patsogolo panu, popanda wina kuyang'ana pansi. Chiganizo chimene chingakuchititseni chibwibwi chichotsedwe.

Malo a madandaulo alipo. Makampani ena amacheza ndi munthu amene akuchoka kuti amve maganizo ake, ndipo kumeneko mayiyu akhoza kunena modekha kuti ntchito ya dipatimentiyi ndi ya anthu awiri, osati mmodzi, ndiponso kuti malipiro atsalira m'mbuyo poyerekeza ndi kwina. Akhozanso kuwauza abwana ake pakamwa, atamaliza kusiya zonse bwinobwino. Mawu a munthu amene watseka mabuku ake mwadongosolo amamveka kuposa a munthu amene wamenyetsa chitseko.

Ndime imene abwana amaiwerenga kawiri

Kunena zoona, mkulu wa zachuma akalandira imelo yotere mtima wake suthamangira pa mawu othokoza. Umathamangira pa kalendala. Msonkho wa PAYE umene wadulidwa pa malipiro a antchito umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo wa VAT pofika pa 25. Ndalama za penshoni nazo, zimene lamulo limati bwana aziika zosachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, zimayenera kutumizidwa mwezi ndi mwezi. Masiku amenewa sadikira kuti kampani ipeze akauntanti wina, ndipo kuchedwa kumabweretsa chindapusa.

Tayang'anani m'mene masikuwa akugwera kwa mayi wathuyu. Misonkho ya Sepitembala, ya pa 14 ndi pa 25 Okotobala, ikugwera mkati mwa notisi yake, ndipo n'chifukwa chake wailonjeza mu imelo. Koma ya Okotobala idzafunika pa 14 ndi pa 25 Novembala, iye ali kale ku Lilongwe. Mabuku a Okotobala sangawatseke, pakuti mwezi ukutha tsiku lomwe iye akuchoka, ndipo sitetimenti yomaliza ya ku banki idzatuluka atapita. Wachita bwino osalonjeza zimenezo. Akauntanti amene pofuna kusangalatsa abwana walemba kuti "ndisiya zonse zitatha" walonjeza chinthu chosatheka, ndipo pa 15 Novembala, chindapusa chikabwera, dzina limene lidzatchulidwe ndi lake. Lonjezani zimene zikugwera m'masiku anu, ndipo zotsalazo zilembedwe momveka kuti zikudikira wina.

Pa chifukwa chomwechi, pewani mawu okoma oti "muzindiimbira nthawi ina iliyonse". Adzakuimbiranidi, Lachiwiri m'mawa muli pa msonkhano woyamba ndi abwana atsopano. Ngati mukufuna kuthandiza, ikani malire: mafunso ochepa pa imelo m'masabata awiri oyamba. Kulowanso m'mabuku a kampani mutachoka, ngakhale atakupemphani, n'kosayenera.

Ndondomeko imene mayiyu walonjeza pofika pa 20 Okotobala siilowa mu imelo yotsazika, imabwera payokha, koma ndi imene imapatsa imeloyo mano. Muli mndandanda wa amene kampani ili nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole ku kampani, macheke amene analembedwa koma sanatapidwe, ndalama zimene antchito anatenga za ulendo koma sanabweretse malisiti, mafunso a odita amene sanayankhidwe, ndi chilichonse chimene chili pakati ndi MRA. Ndalama zapamanja za mu ofesi ziwerengedwe anthu awiri alipo, onse asaine. Buku la macheke liperekedwe nambala ya cheke chomaliza italembedwa. Kampani ilembere ku banki kuchotsa dzina lake pa osainira, ndipo njira yake yolowera ku banki pa intaneti, pa Msonkho Online ndi mu pulogalamu ya mabuku itsekedwe. Apa pali cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri: munthu pofuna kuthandiza amangomusiyira mnzake pasiwedi yake kuti ntchito isaime. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chimene chidzachitike pa kompyutayo chidzaoneka ngati wachita ndi iye, ali ku Lilongwe. Wobwerayo atsegulidwe njira yakeyake, ndipo wochokayo apemphe kuti amutsimikizire polemba kuti yake yatsekedwa.

Chinsinsi nacho sichitha pa 31 Okotobala. Malamulo a khalidwe amene mamembala a ICAM amatsatira amati zimene akauntanti wadziwa chifukwa cha ntchito azisunge ngakhale atachoka pa ntchitopo. Luso apite nalo, koma mafaelo asiye. Kudzitumizira ku imelo yako mndandanda wa makasitomala kapena wa malipiro a anzako "kuti uzikumbukira m'mene unkachitira" ndi mlandu umene ungafafanize ulemu wonse wa imelo ija. Chokhacho choyenera kusunga ndi kope la imelo yotsazikayo ndi yankho lake, chifukwa imelo ya kuntchito idzatsekedwa ndipo umboni wa tsiku limene notisi inaperekedwa udzatsekeredwa momwemo. Yankho likapanda kubwera pakatha masiku awiri kapena atatu, akumbutse mwaulemu, kapena asindikize imeloyo apite nayo kuti aidinde.

Abwana akhoza kuyankha m'njira zingapo. Ena amangoti zikomo. Ena amamuuza akauntanti kuti asabwerenso kuyambira mawa, adzalipidwa mwezi wa notisiwo ali kunyumba. Zimenezi zimapweteka, koma nthawi zambiri si chidani, ndi kusamala chabe pa munthu wogwira ndalama, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino mabuku akhale ali m'malo imelo isanapite. Enanso amabwera ndi malipiro okwera, aja anasowa kwa zaka ziwiri. Mayiyu aganizire yankho lake asanagogode pa ofesi ija, chifukwa munthu amene wasaina kale kwina n'kubwerera m'mbuyo amakhumudwitsa mbali ziwiri. Ngati wasankha kupita, yankho lake likhale lofanana ndi imelo: kuthokoza, kukana, osayamba kufotokoza kuti ndalamazi zinali kuti kale lonseli.

Pamene imelo yofunda siyoyenera

Zonse zimene takambazi ndi za munthu amene akuchoka mwa kufuna kwake, kupita ku zabwino, ali ndi zokhumudwitsa wamba za pantchito. Pali nthawi ziwiri zimene malangizowa sagwira.

Yoyamba ndi pamene munthu sakuchoka koma akuthamangitsidwa mochenjera: samulipira, amutsitsa udindo popanda chifukwa, kapena akumuzunza mpaka sangathenso kukhala. Gawo 60 la lamulo lija limalola wantchito kuchoka, ngakhale popanda notisi, ngati khalidwe la abwana lafika poti sizomveka kuyembekezera kuti apitirize, ndipo nkhani yotere ikhoza kupita ku khoti loona milandu ya pantchito. Munthu ameneyu akalemba kuti akuchoka chifukwa wapeza mwayi wabwino ndipo akuthokoza kwambiri, wawapatsa abwana umboni womutsutsa iye mwini. Ayambe wafunsa kwa loya, kwa a mgwirizano wa antchito kapena ku ofesi ya zantchito ya boma asanalembe chilichonse.

Yachiwiri ndi pamene akauntanti waona zachinyengo m'mabuku, kapena akukakamizidwa kusainira zimene akudziwa kuti ndi zabodza. Ili si dandaulo, ndi udindo, ndipo kuchoka mwakachetechete sikuuchotsa. Nkhaniyo ilembedwe payokha, ndi manambala ndi masiku ake, ipite kwa oyenera monga komiti ya bodi yoona za kuunika mabuku. Imelo yosiya ntchito ikhoza kukhalabe yaulemu ndi yaifupi, koma isakhale ndi mawu oti zonse zili bwino.

Za m'thumba

Mu imelo yotsazika musamalowe mawerengero a ndalama zimene kampani ikuyenera kukupatsani. Zimenezo zipite mu uthenga wina, kwa a ofesi yoona za ogwira ntchito, patapita masiku angapo. Koma munthu azidziwe. Lamulo limapereka masiku a tchuthi osachepera 15 pa chaka kwa wogwira masiku asanu pa sabata, ndi 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Tinene kuti kontirakiti ya mayi wathuyu ikupereka 15 omwewo, ndipo chaka cha tchuthi chimayamba mu Januwale. Pofika kumapeto kwa Okotobala wapeza masiku 12.5, ndipo ngati anapumapo 5, atsala 7.5. Kampani ikamawerengera masiku 22 ogwira ntchito pa mwezi, tsiku lake limodzi ndi K50,000, ndiye kuti masiku otsalawo ndi K375,000 msonkho usanadulidwe. Ngati ali ndi ngongole ya ku kampani, ayembekezere kuti nkhani yake idzatuluka pa nthawi yomweyi, ndipo ndi bwino aiyambitse yekha.

Ndalama ya chipukutamisozi imene imaperekedwa kwa anthu ochotsedwa ntchito chifukwa kampani ikuchepetsa antchito asaiyembekezere, chifukwa wosiya yekha salandira. Penshoni yake siitayika. Ili m'dzina lake, ndipo ikhoza kusamutsidwira ku thumba limene abwana atsopano amagwiritsa ntchito. Afunse sitetimenti yake asanachoke, aone ngati miyezi yonse inalowa.

Chomaliza choti apemphe ndi chikalata chotsimikiza kuti anagwirapo ntchito, chimene gawo 31 limati abwana apereke wantchito akachipempha. Chimanena nthawi imene munthu wagwira, udindo wake ndi malipiro ake pochoka. Za m'mene ankagwirira ntchito sichinena, pokhapokha mwini wake atapempha. Zimenezo abwana atsopano, ndi ena onse a m'tsogolo, adzazifunsa pa foni kwa munthu yemwe uja amene analandira imelo ya pa 30 Sepitembala. Choncho mukailemba musaitumize nthawi yomweyo. Igone usiku umodzi, m'mawa muiwerengenso, muonetsetse kuti tsiku lomaliza ndi lolondola, muchotse "ngakhale" aliyense amene mumupeze, kenako mukagogode kwa abwana.